Makina aima, chitseko chakana, zovala sizikuuma: zoyenera kumulembera wantchito watsopano

Mafoni ambiri amene ndimalandira kuchokera kwa abale amene angoyamba kumene ntchito ya m'nyumba muno mu Joni amakhala a nkhani ya kuchapa, ndipo madandaulo ake sasiyana kwenikweni. Makina aima madzi ali m'kati. Chitseko chakana kutseguka. Dilaya yazungulira maola atatu koma mathawulo adakali onyowa. Kawirikawiri makinawo amakhala kuti sanawonongeke ayi. Chimene chinachitika ndi chakuti munthuyo anamuonetsa kamodzi kokha tsiku loyamba, adona ali ndi makiyi a galimoto m'manja, "udina apa, kenako apa," basi n'kunyamuka. Munthu amene wakula akuchapa pamanja amaidziwa nsalu bwino lomwe, koma sangalote kuti m'munsi mwa makinawo muli kachitseko kobisika, kapena kuti ubweya wosonkhana mu dilaya ungayambitse moto.

Ndikulembera inu amene mukusiya m'bale wanu pamalo panu pamene mukupita kumudzi mu Disembala, komanso inu amene mwalemba munthu ntchito m'nyumba mwanu. Mapepala ambiri amene ndaona atamatidwa pakhoma amangonena za tsiku limene zonse zikuyenda bwino: ika zovala, ika sopo, dina batani. Zimenezo munthu amaziloweza sabata imodzi isanathe. Ngozi imabwera pamene makina achita zachilendo, m'nyumba muli iye yekha, akuopa kuimba foni, ndiye ayambe kuganiza njira zake. Pepala lanu lithere malo ambiri pamenepo: ukaona chakuti, chita chakuti, ndipo ukafika apa siya, undiimbire.

Lembani tsamba limodzi la makina ochapira ndi lina la dilaya, muwaike m'mapepala a pulasitiki, muwamate pakhoma pamene maso amafika. Ziganizo zikhale za Chichewa, koma mayina a mabatani muwalembe ndendende monga alili pa makinawo. Mukalemba kuti "dina batani lofinyira", iye adzayang'ana ndipo sadzalipeza. Lembani kuti "dina `Spin`, ndilo lofinya madzi". Ngati munthuyo kuwerenga kumamuvutirako, mujambulireni mawu pa WhatsApp mukuwerenga pepala lomwelo, ndi zithunzi za kachitseko ka m'munsi, sefa ya dilaya ndi bokosi la maswichi a magetsi.

Yambani ndi pulagi

Musanalembe chilichonse, suzumirani kumbuyo kwa makinawo muone mmene alumikizidwira. M'nyumba zambiri za lendi ndi m'mafulati, m'chipinda chochapira mumakhala soketi imodzi yokha, ndiye wina anaikapo adaputa kapena ekisitenshoni kuti zonse ziwiri zilowe. Soketi ya kuno ya mapini atatu ozungulira inapangidwira maampu 16, ndipo pa mavoti 230 ndiye kuti malire ake ali cha m'ma 3,600 wati. Makina ochapira akamatenthetsa madzi amakoka pafupifupi 2,000, dilaya wamba imakoka pakati pa 2,000 ndi 2,500. Zonse zikayaka limodzi zapyola kale malire, ndipo ekisitenshoni zambiri zotsika mtengo sizifika n'komwe pa maampu 16 amenewo. Chizindikiro chake ndi pulagi yotentha mukaigwira, fungo la pulasitiki wopserera, kapena kuderako mozungulira timabowo ta soketi.

Kukonza zimenezi ndi udindo wa mwini nyumba, osati wa wantchito. Koma podikira, papepala palembedwe momveka kuti makina awiriwa sayaka nthawi imodzi, ndipo aliyense alowe molunjika pakhoma. Onjezaninso kuti pulagi sagwira ndi manja onyowa kapena atavula nsapato pansi pali madzi. Anthufe tinazolowera kuchapa opanda nsapato, ndiye chiganizo chimenechi musachione ngati chachibwana.

Nkhani ina ya magetsi imene imazunguza watsopano ndi yakuti nyumba yonse yathima pamene makina akuchapa, koma kwa aneba kukuyaka. Mu bokosi la maswichi muli swichi imodzi yokhala ndi kabatani koyesera pambali pake, imene imagwa ikangomva kuti magetsi akuthawira kumene sayenera kupita. Muonetseni swichi imeneyo ndi chala, ndipo mulembe kuti akaona yagwa, ayambe wazula pulagi ya makinawo, kenako aikweze. Ikakhazikika, vuto lili m'makina, asawalumikizenso. Ngati zimachitika patapita mphindi khumi kapena makumi awiri chiyambire kuchapa, nthawi zambiri chimakhala chitsulo chotenthetsa madzi chimene chatha, chifukwa ndi nthawi imeneyo pamene chimayaka. Chidziwitso chimenechi chimamuthandiza wokonza, ndiye wantchito azilemba nthawi imene zachitikira. Ndipo akagwira thupi la makina n'kumva kanyerenyesi m'zala, ngakhale pang'ono chabe, ntchito yochapa yathera pomwepo tsiku limenelo.

Madzi akana kutuluka

Mwana wa achimwene anga anayamba ntchito m'nyumba ina cha ku Randburg, ya banja la ana awiri. Makina ake anali otsegukira kutsogolo, a makilogalamu 7, ndi dilaya ya mtundu wokhala ndi kathanki ka madzi. Tsiku lina masana anaimba.

"Azakhali, makina aima. Madzi ali m'kati ndipo chitseko sichikutseguka. Ndakoka koma chakana."

Ndinamuuza kuti achotse kaye dzanja pa chogwiriracho. Chitseko cha makina otsegukira kutsogolo chimadzikiya chokha, ndipo sichimasuka madzi akadali m'kati. Ngakhale kuchapa kutatha bwinobwino, chimadikira mphindi imodzi mpaka zitatu chisanamasuke. Chogwirira chake ndi cha pulasitiki, ukachikakamiza chimathyoka, ndiye vuto laulere lasanduka la ndalama.

Kenako ndinamufunsa ngati magetsi alipo, anati alipo. Pa kagalasi ka makinawo panali zilembo zikuphethira. Zilembo zimenezi zimasiyana malinga ndi kampani, n'chifukwa chake muyenera kukopera za makina anu kuchokera m'kabuku kake. Pa makina ambiri a Samsung, `5C` kapena `5E` ndiye kuti madzi sakutuluka, `4C` kapena `4E` ndiye kuti madzi sakulowa. Pa LG, `OE` ndi madzi osatuluka, `IE` ndi madzi osalowa. Pa onse awiri `UE` amatanthauza kuti zovala zaunjikana mbali imodzi. Zinayi kapena zisanu zokha zikukwana papepala, zina zonse mungolemba kuti "jambula chithunzi, unditumizire". Zimene zinaoneka pa makina a mwana wa achimwene anga uja zinali za madzi osatuluka.

Apa ndi pamene pamafunika ndondomeko yolembedwa, chifukwa ukasemphanitsa umadzaza khitchini yonse ndi madzi kapena kudziwotcha. Anathimitsa makina, n'kuzula pulagi. Ndinamufunsa kuti anachapa pa kutentha kotani, anati pa `60`, ndiye tinadikira pafupifupi ola kuti madziwo azizire. Madzi a pa `60` amawotcha khungu, a pa `90` ndiye osanena. Atazizira, anatsegula kachitseko kakang'ono ka m'munsi kudzanja lamanja. M'kati mwake mumakhala chitsekerero chachikulu chozungulira, chimene ndicho sefa ya pampu, ndipo pa makina ambiri pambali pake pamakhala kapaipi kakang'ono kokhala ndi kotsekera kake. Anayala mathawulo akale pansi, n'kutenga thileyi yophikira mu uvuni, poti ndowa siikwana pansi pamenepo. Anasolola kapaipiko, n'kuchotsa kotsekera, madzi n'kuyamba kutuluka. Thileyi ikadzaza amatseka, kukathira mu ndowa, n'kubwereranso. Ndi ntchito yotopetsa chifukwa madziwo amatha kudzaza ndowa yathunthu kapena kupitirira, koma chitsekerero chachikulu chija sachitsegula madzi asanathe. Makina opanda kapaipi, chitsekererocho amachipotokola pang'ono chabe kuti madzi azituluka modontha, n'kumachimanganso thileyi ikadzaza.

Madzi atatha anapotokola chitsekererocho kumanzere n'kuchisolola. Munali R5 yakuda bii, kapini ka tsitsi, ndi kasokosi ka mwana kokulungika ndi ubweya. Anatsuka sefayo pampopi, n'kupisa chala m'bowomo kuti amve ngati kapupa ka pampu kakuzungulira, ndipo kanazungulira modumphadumpha monga kayenera kuchitira. Anabwezeretsa n'kumanga zolimba, chifukwa chikalowa mopendekera chimadontha pa kuchapa kotsatira. Atalumikiza pulagi anasankha `Rinse + Spin`, ndipo makina anamaliza, chitseko n'kudzimasula chokha.

Papepala lake la tsopano nkhani yonseyi inalembedwa motere:

"Makina akaima madzi ali m'kati, usakoke chitseko. Jambula zilembo zimene zaoneka. Thimitsa, zula pulagi. Ngati unachapa pa `60` kapena `90`, dikira ola limodzi. Yala mathawulo, tulutsa madzi ndi kapaipi ka m'munsi mpaka athe, kenako tsegula sefa. Ukatsuka, manga zolimba. Zikachitikanso tsiku lomwelo, siya, undiimbire."

Zikachitikanso sefa ili yoyera, yang'anani paipi yaikulu yotulutsa madzi kumbuyo. Imapindika anthu akakankhira makina kukhoma pokolopa. Ngati paipiyo ili bwino ndipo makina akungolira ngati akufuna kupopa koma osapopa, ndiye kuti ndi pampu, ntchito ya wokonza.

Gwero la zonsezi ndi matumba. Mzere woyamba wa tsamba la makina ochapira ukhale wa kupisa m'matumba onse, ngakhale kathumba kakang'ono ka jinzi, ndi kuika timasokosi ta ana ndi zamkati za azimayi zokhala ndi waya m'kathumba kochapira ka ukonde. Mulembenso pamene aziika zimene wapeza, kaya ndi m'kambale pamwamba pa shelefu. Zimenezi zimamuteteza iyenso ku nkhani zoti ndalama zasowa.

Madzi atuluka, koma zovala zikudontha

Vuto ili silionetsa zilembo nthawi zonse, ndiye watsopano amaganiza kuti ndi mmene makinawo amachapira. Makina akafika pofinya amayamba ayesa ngati katundu wagawanika bwino mu mgolo. Akapeza kuti wapendekera mbali imodzi, amayesanso kangapo, kenako amafinya pang'ono chabe kapena kusiyiratu. Zimachitika kwambiri ukaika chinthu chimodzi cholemera, monga kapeti ya kubafa kapena bulangete, komanso mashiti akameza zovala zina n'kupanga mpira. Mankhwala ake ndi kutsegula, kumasula zokulunganazo, kuonjezera mathawulo awiri kuti katundu afanane, n'kudina `Spin` payokha. Kudzaza mopitirira kumachitanso chimodzimodzi. Makilogalamu 7 aja ndi a zovala zouma, ndipo palibe amene amayeza pasikelo, ndiye lembani kuti pamwamba pa zovala pazitsala mpata woti dzanja lilowe choimirira. Duveti yaikulu ya pabedi la anthu awiri siyenera kulowa m'makina a kukula kumeneku.

Chifukwa china ndi sopo. Kumudzi thovu lambiri ndiye umboni woti wachapa, koma makina otsegukira kutsogolo safuna thovu. M'masitolo a kuno sopo waufa alipo wa mitundu iwiri, ndipo mapaketi ake amafanana kwambiri. Wa makina amalembedwa `Auto`, winayo ndi wochapira pamanja. Ukathira wa pamanja, thovu limadzaza galasi lonse, nthawi zina limatulukira m'kabati ka sopo, pampu imalephera kulikoka, ndipo makina amakana kufinya. Ena amaonetsa `Sud`. Zikatero aasiye apume theka la ola thovu litsike, kenako asankhe `Rinse + Spin` osathiranso kanthu. Papepala lembani dzina la sopo wa m'nyumbamo, muyeso wake pa kakapu kamene kalipo, ndi malo ake m'kabati: wolembedwa `II` ndi wa sopo, wokhala ndi chithunzi cha duwa ndi wa mankhwala ofewetsa zovala, wolembedwa `I` aziusiya wopanda kanthu.

Pamenepa onjezani chenjezo la jiki. Sasakaniza ndi viniga kapena mankhwala otsukira okhala ndi amoniya, chifukwa amatulutsa mpweya wapoizoni, ndipo zipinda zochapira zambiri ndi zazing'ono zopanda zenera. Ndikunena izi chifukwa masiku ano anthu ambiri amathira viniga m'makina pofuna kuchotsa fungo, ndipo botolo lake limakhala pafupi ndi la jiki.

Madzi a mumpopi akasowa, zimene anthu a m'madera ambiri a Joni akuzidziwa bwino, makina asayatsidwe. Akabwera, atsegule kaye mpopi wa pasinki mpaka madzi ayere ndi kusiya kutsokomola, chifukwa oyambirira amabwera ndi dothi limene limadetsa zoyera ndi kutseka kasefa ka paipi yolowetsa madzi.

Dilaya

Tsamba ili ndi limene ndimalilemba mosamala kwambiri, chifukwa makina ochapira akalakwika umakolopa, pamene dilaya ikalakwika nyumba imapsa. Ndipo mavuto ake ambiri amayambira pa zimene ndafotokoza kale. Zovala zosafinyidwa bwino zikalowa mu dilaya zimatenga nthawi yowirikiza, wantchito amabwereza kachiwiri ndi kachitatu, makina amatentha maola ambiri, mayunitsi pamita akungotha. Kuumitsa katundu mmodzi wodzaza pa dilaya wamba kumadya mayunitsi atatu mpaka asanu. Lamulo likhale lakuti chovala chimene ukachifinya ndi dzanja chikudontha sichilowa mu dilaya, chibwerere ku `Spin`.

Dziwani mtundu wa dilaya yanu, chifukwa malangizo ake amasiyana. Ina ili ndi paipi yaikulu yofewa kumbuyo yotulutsira mpweya wotentha panja, kapena imangoutulutsira m'chipindamo. Yotereyi imafuna kuti paipiyo isapindike kapena kuphwanyika ndi khoma, ndipo zenera kapena chitseko chikhale chotsegula. Ina ilibe paipi, imasandutsa nthunzi kukhala madzi amene amapita m'kathanki, nthawi zambiri pamwamba kumanzere. Kathanki kakadzaza makina amaima okha, ndiye munthu amabwera patapita maola awiri n'kupeza zovala zonyowa, n'kuganiza kuti awonongeka. Kazitayidwa madzi akamaliza katundu aliyense.

Mitundu yonseyi ili ndi sefa ya ubweya, pakhomo pa mgolo kapena pachitseko penipeni. Isololeni pamaso pa wantchitoyo pambuyo pa kuumitsa mathawulo, aone yekha kachinsalu kotuwa kamene kamamatirira pamenepo, akasende ndi chala chonyowa pang'ono. Kamachoka kathunthu. Ubweya umenewu ndi wouma ndipo umayaka mofulumira ngati udzu wa mu Okutobala. Sefa ikatsekeka mpweya suyenda, kutentha kumaunjikana m'kati, ndipo ubweya wina umathawira kumene kuli chotenthetsera. Papepala musalembe kuti "uzitsuka sefa pafupipafupi", chifukwa pafupipafupi wa munthu wina ndi kamodzi pamwezi. Lembani kuti "usanadine `Start`, solola sefa, chotsa ubweya, bwezeretsa, nthawi iliyonse". Dilaya isayake sefa itachotsedwa kapena itang'ambika.

Pali chinanso chimene sichioneka ndi maso. Mankhwala ofewetsa zovala amasiya kautoto pa ukonde wa sefa, moti imaoneka yoyera koma mpweya sukudutsa. Ithireni madzi pampopi. Akadutsa, ili bwino. Akaima pamwamba, itsukeni ndi madzi ofunda, sopo pang'ono ndi kaburashi kofewa, iume kaye musanaibwezeretse. Dilaya ya kathanki ilinso ndi chigawo china m'munsi kuseri kwa kachitseko, chimene chimafunika kuchiyeretsa pafupifupi kamodzi pamwezi. Pa makina ena chimasololedwa n'kutsukidwa ndi madzi, pa ena sichisololedwa ndipo timapepala take tazitsulo timacheka zala, ndiye onani m'kabuku, mumuonetse inuyo koyamba.

Chinthu chimodzi chimene sindinachionepo papepala la adona aliyense, koma chimathandiza kwambiri, ndi kulemba nthawi imene dilaya ya m'nyumbamo imatenga ikakhala bwino. Yesani nokha ndi mathawulo ofinyidwa bwino, mgolo uli theka kapena kupitirira pang'ono, mulembe kuti "mathawulo pa `Cupboard Dry` amauma pa nthawi yakuti". Watsopano alibe choyerekezera, sangadziwe kuti maola anayi ndi achilendo. Akakhala ndi nambala, adzadziwa kuti ikapyola kwambiri ayang'ane sefa, kathanki, paipi ndi kuchuluka kwa katundu, m'malo mongodinanso batani. Zovala zikatuluka zotentha kwambiri koma zonyowa, mpweya sukuyenda. Zikatuluka zozizira ndi zonyowa, makina sakutenthetsa, ndipo zimenezo ndi za wokonza.

Tsopano zosaloledwa kulowamo. Choyamba ndi nsalu iliyonse imene yakhudza mafuta ophikira, palafini, petulo, thinazi kapena polishi wa pansi. Kuchapa kamodzi sikuchotsa mafuta onse, ndipo nsalu ya mafuta ikatenthedwa n'kuunjikidwa imapitiriza kudzitenthetsa yokha mpaka kufuka utsi, ngakhale itatuluka kale m'makina. Tinsalu ta kukhitchini, maepuloni ndi maovolosi a bwana amene amagwira magalimoto zichapidwe pa `60` n'kukayanikidwa pachingwe. Chachiwiri ndi chilichonse chokhala ndi labala kapena siponji: makapeti a kubafa a labala kunsi, mapilo a siponji, nsapato, majekete a mvula. Chachitatu ndi laita ndi machesi otsalira m'matumba. Za ubweya wa nkhosa sizingayambitse moto, koma juzi ya bwana imatuluka yokwana mwana. Mujambulireni papepala chizindikiro cha pa kansalu ka m'khosi: bokosi lokhala ndi bwalo m'kati ndiye kuti chilowe, kadontho kamodzi ndi kutentha pang'ono, tiwiri ndi kutentha kwa nthawi zonse, likakhala lodulidwa ndi mtanda chisalowe. Akakayika, ayanike. M'miyezi ya Juni ndi Julayi mpweya wa kuno umakhala wouma kwambiri moti zovala zimauma pachingwe tsiku lomwelo ngakhale kukuzizira. Koma funsani kaye, chifukwa m'makompulekisi ambiri saloleza kuyanika pakhonde.

Kuthima kwa magetsi kwa ndandanda kwachepa poyerekeza ndi 2023, koma magetsi amathimabe mosayembekezereka chifukwa cha kuba kwa mawaya, kuwonongeka kwa zipangizo, ndi ziphaliwali za masana m'nyengo ya mvula. Makina ochapira akathimidwa pakati, palibe choopsa: asiyidwe, ambiri amapitiriza pamene analekezera magetsi akabwera. Dilaya ndiyo yosiyana. Mphindi zake zomalizira imazungulira ndi mpweya wozizira kuti zovala zitsike kutentha. Ikaima isanafike pamenepo, zovala zimatsala zaunjikana ndi kutentha kwake konse. Lembani kuti magetsi akathima dilaya ikugwira ntchito, athimitse pakhoma, atulutse zonse nthawi yomweyo, aziyale motalikirana pachingwe kapena pamipando, osaziunjika mu basiketi. Ndi chifukwa chomwechonso asamaimitse dilaya pakati pofuna kufulumira kukasita. Ngati nyumbayo ili ndi inveta, lembani ngati makinawa ali ololedwa kuyaka pa batire, chifukwa m'nyumba zambiri sali.

Dilaya isasiyidwe ikuzungulira iye akupita kukatenga ana kusukulu kapena akuweruka. Ndipo ngati m'nyumbamo muli mwana woyenda kapena mphaka, azisuzumira mu mgolo asanaike zovala, chitseko chizikhala chotseka akamaliza.

Pamene ayenera kusiya

Zonsezi sizigwira ntchito ngati munthuyo akuopa kuti akanena, amudula malipiro. Wamantha amabisa: amakolopa madzi odontha osanena, amakwezanso swichi imene yagwa kachitatu, amathira zonunkhiritsa kuti fungo la kupserera lisamveke. Malamulo a antchito a m'nyumba a dziko lino, amene anakhazikitsidwa mu 2002, salola bwana kulipiritsa wantchito chindapusa, ndipo malangizo a unduna wa ntchito amanena kuti zosweka ndi zowonongeka pa ntchito si chifukwa chodulira malipiro. Mu Novembala 2020 Khoti Loona za Malamulo Aakulu linagamulanso kuti antchito a m'nyumba ayenera kupindula ndi thumba la chipukuta misozi cha ovulala pa ntchito. Koma mtsikana amene watsika basi ku Park Station sabata yatha sakudziwa zimenezi. Chimene akudziwa ndi nkhope ya adona. Ngati ndinu olemba ntchito, lembani nokha pansi pa tsambalo kuti "ukandiuza msanga za vuto la makina, sindidzakudula ndalama". Ngati mukusiyira m'bale malo anu, pemphani adona alinene okha pamaso pake musananyamuke.

Pansi penipeni pa masamba onse awiri pakhale zinthu zimene akaziona sayesanso chilichonse: fungo la kupsa, utsi, pulagi yotentha, kunyerenyesa pogwira makina, madzi ofika pafupi ndi soketi, phokoso la chitsulo chikukhulana. Athimitse pakhoma ngati angafikepo osaponda madzi, apo ayi akagwetse swichi yaikulu m'bokosi, atseke mpopi wa kumbuyo kwa makina, aimbe foni. Mpopi umenewo muuyese nokha lero, chifukwa ambiri anauma ndi dzimbiri ndipo satembenuka. Utsi ukamatuluka mu dilaya, chitseko chake asatsegule, chifukwa mpweya ukalowa moto umakula, ndipo asathire madzi magetsi asanathimitsidwe. Atseke chitseko cha chipindacho, atulutse ana panja, aimbe 112 pa foni ya m'manja kapena 10177. Lembani adiresi yonse ya nyumbayo pambali pa manambalawo, ndi nambala ya fulati ndi dzina la msewu wodutsana nawo pafupi, chifukwa munthu amene wakhala mu Joni masabata awiri amadziwa pamene amatsikira thekisi, koma dzina la msewu salidziwa.

Mukamaliza kulemba, mupatseni pepalalo achape katundu mmodzi kuyambira kupisa m'matumba mpaka kuchotsa ubweya, inu mutaima pambali osalankhula. Atsegulenso kachitseko ka m'munsi kamodzi makina ali opanda madzi, kuti dzanja lake lidziwe kulimba kwa chitsekererocho. Paliponse pamene waima n'kukuyang'anani, chongani ndi pensulo, chiganizo chimenecho muchilembenso madzulo omwewo.